Batala, gii ndi majarini: chochokera ku nyama ndi chiti?

NaChisale_wa_Makeke
Abale anga, ndithandizeni msanga. Ndapeza oda yophikira alendo pa msonkhano Loweruka likubwerali, ndipo wokonza msonkhanoyo wandiuza kuti pali anthu atatu ofunika kuwasamala. Woyamba ndi mayi wachihindu, sadya nyama ngakhale mazira. Wachiwiri ndi mtsikana wochokera kunja, akuti sadya chilichonse chochokera ku nyama, amene amati vigani aja. Wachitatu ndi mwana wa zaka 6 amene mkaka umamuwenga kwambiri. Ine masikono ndimapangira majarini, mu mpunga wa biriyani ndimathira gii, ndipo pa tebulo ndimaika batala wopaka buledi. Pa zitatuzi chochokera ku nyama ndi chiti? Ndipo ndani angadye chiti?

Mjomba_Ndirande
Mayi, zonsezo ndi chimodzimodzi. Ndi sitoko yemweyo, amangosintha mapepala ndi mitengo.

Nambewe88
Ayi a Mjomba, musawasocheretse mayiwa, pali mwana apa. Batala ndi wa mkaka wa ng'ombe. Majarini ndi wa mafuta a zomera. Gii ndi mafuta a nyama ya ng'ombe osungunula, n'chifukwa chake amaundana. Ndiye a NaChisale, onse atatuwo apatseni majarini, nkhani yatha.

Mphunzitsi_wa_Zophika
A Nambewe mwalondola pa batala, koma pa gii mwaphonya, ndipo pa majarini mwafulumira. Ndiyambe ndi ziwiri zosavutazo.

Mkaka ukakhala, mafuta ake amayandama pamwamba, ndiye kirimu uja. Mukamupukusa kirimuyo kwa nthawi, timafuta timene tinali timadontho ting'onoting'ono timagundana n'kugwirana kukhala chibuma, madzi oyera n'kupatuka. Chibumacho ndiye batala. Pa magalamu 100 a batala, pafupifupi 80 ndi mafuta, 16 ndi madzi, ndipo otsalawo ndi tizidutswa ta mkaka weniweni, ndiye kuti mapuloteni ndi shuga wa mu mkaka, komanso mchere ngati anathiramo. Kuti mupeze kilo imodzi ya batala pamafunika malita a mkaka oposa 20, n'chifukwa chake mtengo wake umawawa.

Gii si mafuta a pa nyama yophedwa ayi. Ndi batala yemweyo amene waphikidwa pa moto wochepa mpaka madzi onse atauma, tizidutswa ta mkaka tija titakazingika n'kukhala pansi pa poto, kenako n'kusefa. Chotsala ndi mafuta a mkaka okhaokha, pafupifupi 99 pa 100. Ku India amapanga ndi mkaka wa ng'ombe kapena wa njati zoweta za kumeneko, ndipo wa njatiyo amakhala woyererako.

Choncho batala ndi gii zonse n'zochokera ku nyama, chifukwa gwero lake ndi bere la ng'ombe. Koma palibe ng'ombe imene yaphedwa. Apa m'pamene alendo anu awiri aja akusiyanirana. Mayi wachihinduyo, ngati ali ngati Ahindu ambiri osadya nyama, mkaka amamwa, ndipo gii ndi chakudya cholemekezeka kwawo, amayatsira ngakhale nyali za pa mapemphero. Mtsikana wa vigani uja sakhudza zonse ziwiri.

Nambewe88
Chabwino za gii ndamva. Koma majarini ndafulumira pati? Pa chitini amajambulapo mpendadzuwa, osati ng'ombe.

Mphunzitsi_wa_Zophika
Mpendadzuwawo ndi woona, mafuta ake ndi a zomera: mpendadzuwa, soya, kapena migwalangwa ya mafuta. Koma majarini si mafuta okhaokha. Ndi mafuta osakaniza ndi madzi, ndipo mafuta ndi madzi sizigwirizana, ndiye amathiramo zina zoti zigwirizanitse, mchere, mtundu wachikasu, mavitamini, ndi zokometsera. M'zimenezi ndi mmene nyama imalowera mwakachetechete.

Khomo lalikulu ndi mkaka. Opanga ambiri amathiramo mkaka wa ufa pang'ono, kapena ufa wa madzi amene amatsala popanga tchizi, kuti majarini amveke kafungo ka batala. Ndi wochepa, koma kwa mwana amene mkaka umamuwenga kuchepako sikumupulumutsa. Majarini ena alibe mkaka n'komwe. Simungadziwe poyang'ana mtundu kapena polawa. Mpaka muwerenge kumbuyo kwa paketi imene ili m'manja mwanuyo, chifukwa kampani imodzi imatha kukhala ndi majarini wophikira wopanda mkaka ndi wopaka buledi wokhala ndi mkaka.

Che_Ajasi_Mangochi
Ndionjezereko za kwathu. Ife Asilamu chimene timayang'ana pa paketi ndi nambala E471. Ndi chimodzi mwa zinthu zogwirizanitsa mafuta ndi madzi zija a Mphunzitsi anena. Chimatha kupangidwa kuchokera ku mafuta a zomera, chimathanso kuchokera ku mafuta a nyama, ndipo nambala yokhayo sikuuzani kuti ndi iti. Ndiye timafuna chidindo cha halali, kapena pakhale polembedwa kuti n'chochokera ku zomera. Batala ndi gii weniweni sitivutika nazo, mkaka wa ng'ombe ndi wololedwa. Koma a NaChisale musatenge chidindo cha halali ngati chikutanthauza kuti mulibe zanyama. Chimangotanthauza kuti mulibe choletsedwa kwa ife. Mkaka ukhoza kukhalamo bwinobwino.

KaMwana_ka_Kasungu
Ine kwathu timapanga batala wa mtedza, tikakazinga n'kusinja basi. Mulibe nyama. Awapatse ameneyo.

Mjomba_Ndirande
Chimenecho ndi chiponde chemwali, akufunsa zina apa.

KaMwana_ka_Kasungu
Ndikudziwa kuti ndi chiponde, koma si amafuna chopaka pa buledi? Mtsikana wakunjayo angadye.

NaChisale_wa_Makeke
Maganizo a chipondewo ndi abwino achemwali, ndiika pa tebulo. Ndingofunsa kaye ngati mwana uja mtedza sumuwenganso. Koma a Mphunzitsi, mnzanga wina wandiuza kuti gii alibe mkaka chifukwa anasefedwa, akuti anthu amene mkaka umawatsegula m'mimba amadya gii popanda vuto. Ndiye mwanayo biriyani angadye?

Namwino_Thoko
Chonde a NaChisale, pamenepa imani kaye. Mnzanuyo wasakaniza matenda awiri osiyana.

Pali anthu ambiri, ndipo kuno kwathu ndi ochuluka, amene akamwa mkaka m'mimba mumadzaza mpweya, kubangula, mwina kutsegula. Vuto lawo ndi shuga wa mu mkaka, lakitozi, matumbo awo sakwanitsa kumugaya. N'zosautsa koma sizipha. Anthu amenewa gii amadya ndithu, ngakhale batala pang'ono ambiri sawavuta, chifukwa shugayo amatsalamo wochepa zedi.

Kuwenga ndi nkhani ina. Thupi limalimbana ndi mapuloteni a mu mkaka ngati mdani. Mwana amatuluka zidzolo zoyabwa, milomo ndi zikope zimatupa, amasanza, ndipo ikakhala yoopsa kukhosi kumatsekeka, kupuma kumavuta patangopita mphindi zochepa. Apa ngakhale kachidutswa kosaoneka ndi maso kamakwanira. Kusefa gii ndi nsalu sikuchotsa puloteni yense. Ndiye kwa mwana ameneyu gii ayi, batala ayi, majarini wokhala ndi mkaka ayi. Musagwiritsenso ntchito chipande chimene mwatakasira mpunga wa gii kuomolera chakudya chake, kapena mpeni umene wadula batala. Lankhulani ndi mayi ake enieni, osati wokonza msonkhano, akuuzeni chimene chimachitika mwanayo akadya mkaka ndiponso ngati amayenda ndi mankhwala.

Bambo_a_Yamikani
Ine ndikudabwa kuti mukulimbikitsa majarini. Majarini ndi pulasitiki. Ndinamva kuti kamangotsala kanthu kamodzi kuti akhale pulasitiki weniweni, ndipo ukamusiya panja ngakhale ntchentche sizitera. Kunyumba kwanga sindilola.

Wa_ku_Bunda_2009
Achimwene, za pulasitikizo n'zabodza, zakhala zikuzungulira pa mafoni kwa zaka. Mafuta a mpendadzuwa amene ali mu majarini ndi omwewo mumakazingira mandasi. Koma pansi pa mphekeserayo pali nkhani yoona imene anthu anaimva mopotoka.

Majarini anamuyambitsa ku France mu 1869. Anali katswiri wina dzina lake Hippolyte Mège-Mouriès, pa nthawi imene mfumu Napoleon III inkafuna cholowa m'malo mwa batala chotsika mtengo chodyetsa asilikali ndi anthu osauka. Ndipo chodabwitsa n'chakuti majarini woyambayo anali wa mafuta a nyama ya ng'ombe osakaniza ndi mkaka. Ndiye a Nambewe, mafuta osungunula munanena aja analipodi, koma anali mu majarini, osati mu gii.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anapeza njira yolimbitsira mafuta amadzimadzi a zomera powalowetsa mpweya wa haidrojeni. Kuyambira pamenepo mafuta a zomera anayamba kulanda malo a mafuta a nyama. Vuto linadziwika pambuyo pake: mafuta akalimbitsidwa mosamaliza mwa njira imeneyi, mumapangika mtundu wa mafuta otchedwa transi, amene amakweza kolesitolo woipa n'kutsitsa wabwino, ndipo amawononga mitsempha ya mtima kuposa mafuta a batala. Mu 2018 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapempha maiko onse kuti achotse mafuta amenewa m'zakudya. Opanga majarini ambiri anasiya njira imeneyo, masiku ano amalimbitsa posakaniza ndi mafuta a migwalangwa amene ndi olimba kale mwachibadwa. Ndiye chimene muyenera kuyang'ana pa paketi ndi mzere wa mafuta a transi, osati ntchentche.

Bambo_a_Yamikani
Ngakhale mutero, ine ndikhulupirira cha ng'ombe. Agogo anga ku Mzimba ankaika mkaka m'chiguli, n'kumakhutchumula atakhala pa mkeka mpaka timibulu tachikasu titayandama. Ankatiwola ndi dzanja, n'kutitsuka ndi madzi ozizira a mumtsuko. Anafika zaka zoposa 90 akulima okha.

Namwino_Thoko
Agogo anuwo ankadya kachibuma kamodzi mwa apo ndi apo, n'kumagwira khasu tsiku lonse. Si chimodzimodzi ndi munthu wokhala mu ofesi amene akupaka batala wochindikala m'mawa uliwonse. Batala ndi gii zili ndi mafuta olimba ambiri, oposa theka la mafuta ake onse, ndipo amene ali ndi vuto la mtima kapena kolesitolo timawauza achepetse. Koma sindinena kuti majarini aliyense ndi wabwino, wophikira wooneka ngati njerwa uja naye ali ndi mafuta olimba ambiri a migwalangwa.

Bambo_a_Yamikani
Ndiye mwavomereza kuti majarini naye si mngelo.

Namwino_Thoko
Sindinanenepo kuti ndi mngelo bambo. Ndati si pulasitiki, ndipo funso la mayiwa si la mtima, ndi la mwana wowengedwa ndi mkaka.

Mjomba_Ndirande
Ife tinakulira buledi wa sitoko ndi tiyi wa mkaka pa Khirisimasi pokha. Masiku ena onse chinali chigumu. Za batala tinkangomva kuti amadya ku Sunnyside.

Mai_Fatsani_Limbe
Ndinagwirapo ntchito yophika m'nyumba ya amwenye kwa zaka zambiri, ndiye ndinene za gii zimene palibe wanena. Gii alipo wa mitundu iwiri m'mashopu. Pali weniweni wa batala, ndiye pali wina wa zomera amene iwo amati vanaspati. Ameneyu ndi mafuta a zomera olimbitsidwa kuti aoneke ngati gii, amakhala m'zitini zazikulu ndipo ndi wotchipa kwambiri. Ku India dzina lotchuka la mtundu umenewu ndi Dalda. Ndiye a NaChisale, kaonenso chitini chanu, mwina amene mumathira mu biriyaniyo si wa mkaka n'komwe. Mtengo umakuuzani: gii weniweni sangatchipe kuposa batala, popeza amachokera mu batala ndipo amachepa pophika. Fungonso limasiyana, weniweni ukamutenthetsa nyumba yonse imanunkhira, wa zomerayo amangokhala zii, kapena amamveka fungo lochita kuthira.

Koma ngakhale atakhala wa zomera, mwana uja musamupatse musanawerenge, ena amathiramo gii weniweni pang'ono kuti anunkhire.

Nambewe88
A Mai Fatsani, tiphunzitseniko kapangidwe kake, wa m'shopu sitingamufike.

Mai_Fatsani_Limbe
N'zosavuta koma zimafuna kuima pomwepo. Tengani batala wopanda mchere wa magalamu 500, mumudule zidutswa, muike mu poto wochindikala pansi. Moto ukhale wochepa. Ngati ndi mbaula, chotsani makala ena atsale ochepa ofiira, opanda lawi.

Akasungunuka pamwamba pamabwera thovu loyera, ndipo mumamva kuthetheka. Amenewo ndi madzi akutuluka. Musavundikire, nthunzi ituluke. Musatakase kwambiri, kungosuntha thovulo ndi supuni kuti muone pansi. Pakapita mphindi 15 kapena 20 phokoso lija limayamba kuchepa, mafuta amayera mpaka mukuona pansi pa poto, ndipo tinyenyeswa ta pansipo timasanduka tofiirira ngati mtedza wokazinga bwino. Kuthetheka kukangosiya, phulani nthawi yomweyo. Apa m'pamene ambiri amaonongera: amati adikire pang'ono, tinyenyeswa tija timada, ndipo gii yense amawawa, simungamukonzenso. Kumbukiraninso kuti poto wochindikala amapitiriza kuphika ngakhale mwaphula.

Dikirani azizireko, kenako sefani ndi nsalu yoyera yopyapyala mu botolo lagalasi louma bwinobwino. Pa magalamu 500 aja mupeza pafupifupi 400. Amakhala miyezi ingapo wopanda firiji, bola botolo likhale lotseka, pamalo opanda dzuwa, ndipo supuni yotungira ikhale youma. Mukaphula msanga madzi asanathe, kapena mukalowetsa supuni yonyowa, amachita nkhungu.

Ubwino wake pokazinga ndi woti sapsa msanga. Batala ukaika pa moto waukulu amada n'kuyamba utsi, chifukwa tizidutswa ta mkaka tija timapserera. Mu gii tinachotsedwa kale, ndiye mungakazingire anyezi mpaka afiire bwino.

KaMwana_ka_Kasungu
Nanga ndikachita zomwezo ndi majarini, atuluka gii?

Wa_ku_Bunda_2009
Ayi chemwali, mungopeza mafuta ophikira a mchere. Fungo la gii limachokera ku mapuloteni ndi shuga wa mkaka zikamakazingika m'mafuta a mkaka. Ndipo mukatenga wofewa wa m'kontena uja mudzadabwa kuchuluka kwa madzi amene atuluke, amalalatika mpaka kukuotchani manja.

Izi zikukhudzanso inu a NaChisale pa masikono. Majarini weniweni, wanjerwa wophikira uja, amakhala ndi mafuta pafupifupi 80 pa 100, mofanana ndi batala. Ambiri ofewa opaka pa buledi ali ndi 60, 50, ena 40 pa 100, kwinako ndi madzi. Nambalayo imalembedwa pa paketi. Tiyerekeze kuti muyezo wanu umafuna magalamu 250. Ndi wa 80 mwaika mafuta okwana magalamu 200. Ndi wa 40 mwaika 100 okha, n'kuonjezera madzi pafupifupi theka la kapu amene simunawawerengere. Mtanda umamata m'manja, inu mumathira ufa wina kuti ugwirike, masikono n'kutuluka olimba, mawa lake auma gwaa. Ndiye pofunafuna wopanda mkaka musaiwale kuyang'ananso nambala ya mafutayo.

NaChisale_wa_Makeke
Ndabwera kumene ku shopu. Gii wanga ndi weniweni wa batala. Majarini amene ndimagwiritsa ntchito masiku onse, pansi pa mndandanda wa zosakaniza alembapo ndi zilembo zakuda kuti muli mkaka ndi soya. Ndapeza wina wanjerwa wopanda mkaka, mafuta 80 pa 100. Ndayankhulanso ndi mayi a mwana uja, akuti amatupa nkhope, ndipo mtedza alibe nawo vuto. Ndiye ndaganiza chonchi: biriyani wa gii wa ndiwo zamasamba wa anthu onse ndi mayi wachihindu, kapoto kena ka mpunga wa mafuta a mpendadzuwa ka mtsikana uja ndi mwana, ndi chipande chakechake. Masikono awo ndipanga oyamba m'mawa ziwiya zisanakhudze mkaka, ndikandira madzi. Koma pa paketi yatsopanoyi alembapo vitamini A ndi D3. Zimenezi zili bwino?

Mphunzitsi_wa_Zophika
Kwa mwanayo zili bwino, D3 alibe chochita ndi mkaka. Onaninso ngati sanalembe kuti mungapezeke mkaka pang'ono chifukwa makina ake amapangiranso zina, zikatero funsaninso mayi akewo. Kwa mtsikanayo ndiye pali mawu. Vitamini D3 amene amathira m'zakudya nthawi zambiri amachokera ku mafuta a mu ubweya wa nkhosa. D2 ndiye sachokera ku nyama. Avigani ena okhwimitsa D3 amamukana pokhapokha paketi itanena kuti ndi yoyenera iwo, ena salabadira. Mujambulireni paketiyo asankhe yekha. Ndipo musaiwale dzira lopaka pamwamba pa masikono kuti awale. Mayi wachihindu ndi mtsikanayo onse sadya mazira.

Mjomba_Ndirande
Ubweya wa nkhosa? Koma pamenepo mwanyanya. Nkhosa yangometedwa, ili moyo ikudya msipu.

Che_Ajasi_Mangochi
Ng'ombe yokamidwa nayonso ili moyo a Mjomba, koma mkaka wake mtsikanayo sakumwa. Malire amaika ndi mwini wake wakudyayo. Inenso sindifuna wondiphikira azindisankhira kuti ichi n'chaching'ono, idyani basi.

Bambo_a_Yamikani
Ine ndikuonabe kuti n'kuvutitsa wophika. Munthu mmodzi mapoto awiri.

Nambewe88
A Mai Fatsani ndayesa madzulo ano ndi magalamu 250. Wanunkhira bwino, koma atazizira wachita timibulu ngati mchenga, sali wosalala. Komanso batala wanga anali wamchere, wopanda mchere sindinamupeze. Ndalakwitsa?

Mai_Fatsani_Limbe
Simunalakwitse, timibulu timeneto timabwera akazizira pang'onopang'ono, ndipo amwenye amakonda wotereyo, amati ndiye wapsa bwino. Mukafuna wosalala muike botolo mu firiji likangozizirako kuti agwire msanga. Wamchere amatheka, mchere wambiri umatsalira mu tinyenyeswa ta pansi tija, kungoti amachita thovu lambiri ndiye poto akhale wamkulu. Tinyenyeswato musataye ngati sitinade, thirani mu mpunga wotentha, koma mulawe kaye musanaonjezere mchere wina.